Musanatumize lipoti la mu sipuledishiti, liunikeni kaye chonchi

Zolakwika zomwe zimadzionetsa zokha, monga #REF! kapena #DIV/0!, sizivuta kwenikweni, poti aliyense amaziona. Zoopsa ndi zija zachetechete, pomwe chiwonkhetso chili pamalo pake, chooneka bwinobwino, koma chili chabodza. Tiyeni titenge lipoti la malonda la pamwezi lopangidwa mu Excel. Katundu walembedwa kuyambira mzere 2 mpaka 41, kolamu B ndi kuchuluka kwake, C ndi mtengo, D ndi ndalama zomwe zapezeka, ndipo chiwonkhetso chili mu D42.

Yambani mwasunga kope lina la fayiloyo kuti muzikonzera m'menemo. Mukatero dinani Ctrl pamodzi ndi ` kapena pitani pa Formulas n'kusankha Show Formulas. Manambala asanduka mafomula, ndipo mutha kutsika nayo kolamu D ngati mukuyendera mizere ya mbewu kufuna pomwe sipanamere. Kabokosi kalikonse kayenera kufanana ndi kanzake: =B2*C2, =B3*C3, mpaka pansi.

Tinene kuti pa D17 mwapeza 45000 m'malo mwa fomula. Wina anailemba ndi manja, kapena anamata nambala yokha pamwamba pa fomulayo. Tsiku lomwe ankalembalo inali yoona, chifukwa katundu anali 30 pa mtengo wa 1500. Koma mtengo mu C17 unasinthidwa kufika pa 1800, ndipo D17 sinasunthe. Pamayenera kukhala 54000, ndiye kuti lipoti laperewera ndi 9000, ndipo palibe chizindikiro chofiira paliponse. Mizere ikakhala mazanamazana, maso okha sangakwanitse. Sankhani kolamu D, dinani F5, kenaka Special, Constants, n'kusiya Numbers yokha ili yochongedwa. Excel ikusankhirani timabokosi tonse tolembedwa ndi manja. Musathamangire kubwezeretsa fomula. Funsani kaye yemwe analemba, chifukwa nthawi zina pamakhala kuti wogula anachotseredwa mtengo. Ngati zili choncho, kuchotserako kukhale ndi kolamu yakeyake, kuonekere. Dziwaninso kuti njirayi siigwira nambala yobisala m'kati mwa fomula, monga =B9*1500. Imeneyo imagwidwa powerenga mafomula aja.

Tsopano D42. Mukapeza =SUM(D2:D38) pomwe katundu akufika mzere 41, ndiye kuti mizere itatu inaonjezedwa pambuyo pake ndipo fomula sinaitengeko. Musadzione ngati inu nokha: mu 2013 wophunzira Thomas Herndon anapeza kuti fomula ya akatswiri a zachuma Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff inasiya kunja mizere ya mayiko asanu pa kafukufuku wawo wa 2010 wokhudza ngongole za maboma.

Mizere yobisika imadziwika ndi manambala a kumanzere akadumpha, monga kuchoka pa 22 kufika pa 26. Vuto lake ndi lakuti SUM imawonkhetsa ndi zobisika zomwe, choncho wowerenga akawonkhetsa zomwe akuona sizigwirizana ndi chiwonkhetso chanu. Dinaninso Ctrl pamodzi ndi ` kuti manambala abwerere, kenaka lembani mafomula awiriwa pambali:

```
=SUM(D2:D41)
=SUBTOTAL(109,D2:D41)
```

Yachiwiriyo imasiya mizere yobisika. Mayankho akasiyana, kusiyanako ndi ndalama zomwe zili m'mizere yosaoneka. Onetsetsani kuti mwalemba 109, chifukwa 9 imasiya yokhayo yobisika ndi Filter, koma yobisa ndi manja imaiwerengera. Chotsani Filter ndi Clear, sankhani tsamba lonse, dinani batani lakumanja la mbewa pa manambala a mizere n'kusankha Unhide. Chitaninso chimodzimodzi ndi makolamu komanso masamba ena a fayiloyo, omwe maina awo amaoneka pansi.

Pamenepo muyenera kugamula: mzerewo ndi wa lipotili kapena ayi? Ngati ndi wake, uonekere. Ngati si wake, uchotsedwe. Kubisa si kufufuta ayi, ndipo wolandira fayilo atha kuutsegula mosavuta. Mu 2008, pomwe banki ya Barclays inkagula mbali ya banki ya Lehman Brothers, mizere yobisika inatulukira fayilo itasinthidwa kukhala PDF, ndipo makontirakiti 179 omwe Barclays sinkawafuna analowa pa mndandanda.

Mukachotsa mzere, fomula iliyonse yomwe inkaloza mwachindunji kabokosi ka mumzerewo isanduka #REF!, choncho bwererani ku F5, Special, Formulas, n'kusiya Errors yokha. Chenjerani ndi IFERROR yobweza 0. Ine sindiikhulupirira mu lipoti la ndalama, chifukwa fomula yothyoka imangooneka ngati katundu sanagulidwe. Fufuzani mawu oti IFERROR ndi Ctrl+F, Look in ili pa Formulas, ndipo muichotse kwakanthawi kuti muone chomwe yavindikira.

Pomaliza pitani pa Formulas, muone Calculation Options. Ikakhala pa Manual, manambala omwe mukuonawo atha kukhala akale. Ikani pa Automatic, sinthani B5 kuchoka pa 10 kufika pa 11, muone ngati D5 ndi D42 zakwera ndi mtengo womwe uli mu C5, kenaka bwezeretsani 10 uja.