Momwe mungasankhire tsamba lodziwanirana ndi anthu a ntchito yanu kuno ku Joni

Amalawi ambiri amene angoyamba kusaka ntchito ya zimene anaphunzira kuno ku Johannesburg amathamangira kutsegula akaunti pa LinkedIn chifukwa anzawo awauza kutero, kenako n'kuisiya chaka chathunthu ilibe ngakhale chithunzi. Musanatsegule paliponse, yambani mwadziwa kumene olemba ntchito a m'gawo lanu amayang'ana akafuna munthu.

Choyamba, pitani pa masamba olengeza ntchito a PNet kapena Careers24 ndipo muwerenge zolengeza ntchito khumi za udindo umene mungaukwanitse lero, osati umene mukuulakalaka m'tsogolo. Lembani papepala umboni umene akupempha, chifukwa umboniwo ndi umene ukuuzeni tsamba loyenera. Akamapempha mapulogalamu a kompyuta amene munalemba, malo anu ndi GitHub, ndipo akamafuna kuona zojambula zanu, pitani pa Behance. Amene akufuna kuchita kafukufuku ku Wits kapena ku UJ atenge nambala ya ORCID, imene imazindikiritsa wochita kafukufuku aliyense, ndi kulowa pa ResearchGate, pamene owerengera ndalama ndi ofuna ntchito m'maofesi a ku Sandton angayambire pa LinkedIn. Anamwino adziwe kuti palibe tsamba limene lingalowe m'malo mwa kulembetsa ku SANC, bungwe loyang'anira anamwino mu South Africa.

Chachiwiri, sakani pa tsambalo anthu khumi a ntchito yanu okhala m'Gauteng muno amene anakutsogolerani ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Mukapeza kuti ambiri analembapo kanthu komaliza chaka chatha, dziwani kuti msika unasamuka.

Chachitatu, ganizirani pamene mwafika. Tiyerekeze mtsikana wochokera ku Zomba amene akukhala ku Rosettenville, anaphunzira kulemba mapulogalamu, koma sanalembedwepo ntchito. LinkedIn imaonetsa makamaka kumene munthu wagwirako, choncho tsamba lake lidzaoneka lopanda kanthu ngakhale luso ali nalo. Ine ndingamulangize kuti mphamvu zake aike pa GitHub, pamene angaonetse mapulogalamu atatu omalizidwa bwino, mwachitsanzo yowerengera ndalama za chipereganyu, iliyonse ili ndi fayilo ya README yofotokoza mmene imagwirira ntchito. Pa LinkedIn angolemba mwachidule, aikepo ulalo wa GitHub, ndipo atchule ngati SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro mu South Africa, inaunika kale mapepala ake a ku Malawi, pakuti olemba ntchito ambiri kuno amafunsa zimenezo. Akadzagwira zaka ziwiri, LinkedIn idzayamba kumuthandiza kwambiri, popeza adzakhala ndi mabwana akale omuchitira umboni.

Pomaliza, liyeseni tsambalo miyezi itatu musanalipire chilichonse, ngakhale LinkedIn Premium. Sabata iliyonse lemberani anthu asanu uthenga waufupi wotchula ntchito yawo imene mwaiona. Ngati pakutha pa miyeziyo okuyankhani ndi okhawo amene akufuna kuti muwatumizire ndalama kuti akupezereni ntchito, amenewo ndi akuba, ndipo mubwerere ku zolengeza khumi zija mukaonenso umboni umene munaudumpha.