Musanagule khadi lapadera la gilafikisi, yambani mwaona ramu

Anthu ambiri amene akufuna kompyuta yolembera makalata, yowerengera maphunziro ndi yodulira mavidiyo aafupi amauzidwa kuti popanda khadi lapadera la gilafikisi sapita patali. Pa ntchito zitatuzi, malangizowa nthawi zambiri amangodyetsa munthu ndalama. Ine ndimalangiza kuti muyambe mwapeza pamene kompyuta yanu ikutsamwa, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pa ramu, malo amene kompyuta imasungapo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito, osati pa gilafikisi.

Chilichonse chimene mukuona pa sikirini chimajambulidwa ndi kachipangizo ka gilafikisi. Kachipangizoka kakhoza kukhala m'kati mwa purosesa momwemo, monga Intel UHD Graphics, Intel Iris Xe kapena AMD Radeon Graphics. Kakhozanso kukhala pa khadi lakelake, monga makhadi a NVIDIA GeForce ndi AMD Radeon RX. Khadi lapadera limabwera ndi ramu yakeyake yothamanga kwambiri, ndipo makhadi ambiri amakhalanso ndi fani yawo. Gilafikisi yam'kati ilibe ramu yake. Imabwereka ramu yomwe ija imene purosesa ndi mapulogalamu onse akugwiritsa ntchito, ndipo Windows imatha kuibwereketsa mpaka theka la ramu yonse ikafunika. Nkhani yonse yagona pa kubwerekaku.

Za ntchito ya mu ofesi ndi ya sukulu sitichedwapo. Word, Excel, mabuku a PDF, misonkhano ya pa Zoom ndi kuonera maphunziro pa YouTube sizilemetsa gilafikisi yam'kati ya purosesa iliyonse ya zaka zaposachedwa. Ngakhale mamonita awiri imawakwanitsa, bola kompyutayo ikhale ndi malo awiri olumikizira. Excel ikamachedwa kuwerengetsa, imene yatopa ndi purosesa kapena ramu, ndipo khadi silisintha kanthu pamenepo. Pa laputopu khadi lapadera limawonjezera kutentha, phokoso la fani ndi kulemera kwa chaja, komanso limamaliza batire msanga likamagwira ntchito. Wophunzira amene amanyamula laputopu tsiku lonse amazimva zimenezi pamapewa.

Pamene pafunika kuganiza bwino ndi pa vidiyo. Vidiyo ya pa foni imasungidwa yopanikizidwa, kawirikawiri mwa njira ya H.264 kapena H.265, imene imatchedwanso HEVC. Kuti muione kapena muidule, kompyuta iyenera kuimasula chithunzi chimodzichimodzi, 30 kapena 60 pa sekondi, ndipo mukamaliza iyenera kuipanikizanso. Ambiri sadziwa kuti gilafikisi yam'kati ili ndi kagawo kapadera kogwira ntchito imeneyi yokha. Kwa Intel kamatchedwa Quick Sync Video ndipo kanayamba mu 2011; AMD nayo ili ndi kake. Ndiye chifukwa chake laputopu wamba imadula vidiyo ya 1080p, kuika mawu olembedwa, nyimbo ndi kulumikiza zidutswa popanda kudandaula. Chofunika ndi chakuti kagawoko kadziwe mtundu wa vidiyo yanu. Mapurosesa a Intel a m'badwo wa 6 amamasula HEVC wamba, a m'badwo wa 7 kupita m'tsogolo amamasulanso HEVC ya mabiti 10, imene mafoni ambiri amajambulira mukayatsa HDR, ndipo AV1, njira ina yatsopano yopanikizira vidiyo, inayamba kumasulidwa ndi a m'badwo wa 11. Purosesa ya m'badwo wa 4, ya mu 2013, ikakumana ndi HEVC ya mabiti 10 imaimasula ndi mphamvu zake zokha, ndipo vidiyo imadumphadumpha.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsatira mpaka pamapeto. Tinene kuti muli ndi laputopu ya purosesa ya Core i5-1135G7, yokhala ndi gilafikisi ya Iris Xe, ramu ya 8 GB ya mtundu wa DDR4-3200, ndi SSD. Mukudula vidiyo ya mphindi 10 ya 1080p yojambulidwa pa foni, ndipo mukayika zidutswa zingapo chithunzi chimayamba kuima pamene mawu akupitirira. Musathamangire kugula china. Siyani vidiyoyo ikusewera mu pulogalamu yodulira, dinani Ctrl+Shift+Esc kuti Task Manager atseguke, ndipo pitani pa Performance. Pamenepo muona CPU, Memory, Disk ndi GPU, kutanthauza purosesa, ramu, disiki ndi gilafikisi. Ziyang'aneni kwa mphindi imodzi yathunthu vidiyo ikuyenda, osati itaima.

Pa kompyuta yotereyi, mwayi waukulu ndi wakuti Memory ikhala itadzaza kupitirira 85 peresenti, makamaka ngati mwasiya masamba ambiri a intaneti otsegula. Windows yatenga gawo lake, pulogalamu yodulira yatenga lake, gilafikisi nayo yabwereka. Ramu ikadzaza, Windows imayamba kutayira zina pa disiki, ndipo muona Disk ikukwera nthawi yomweyo imene chithunzi chikuima. Tsopano dinani pa Memory ndipo muwerenge mzere wa Slots used. Ngati palembedwa 1 of 2, kutanthauza kuti pa malo awiri oikapo ramu pali kandodo kamodzi kokha, mwapeza vuto lachiwiri, limene anthu ambiri saliganizira n'komwe.

Ramu ikakhala kandodo kamodzi, uthenga wonse wopita ndi wochokera ku purosesa umadutsa njira imodzi. Kandodo kamodzi ka DDR4-3200 kamatha kudutsitsa 25.6 GB pa sekondi pakakhala palibe chotchinga. Tindodo tiwiri timagwira ntchito limodzi n'kufika 51.2 GB pa sekondi. Zili ngati mlatho wopapatiza umene magalimoto a mbali zonse akudikirana: purosesa ikufuna kudutsa, gilafikisi ikufunanso kudutsa. Purosesa payokha imapirira ndithu, koma gilafikisi imafuna njira yotakasuka, moti pa malaputopu ambiri gilafikisi ya Iris Xe ikapatsidwa kandodo kamodzi imaoneka m'kompyuta ndi dzina la UHD Graphics. Pofuna kuyerekeza, khadi laling'ono ngati GTX 1650 lili ndi njira yakeyake ya 128 GB pa sekondi kapena kuposa. Gilafikisi yam'kati siingafike pamenepo ndi DDR4, koma kuichotsa pa 25.6 n'kuiika pa 51.2 ndi kusintha kumene mumakuona ndi maso.

Choncho mankhwala a laputopu ya m'chitsanzo chathu ndi kandodo kachiwiri ka 8 GB, ka DDR4-3200, kuti ramu ikhale 16 GB pa njira ziwiri. Gulani kofanana ndi koyamba pa kukula ndi liwiro. Mukasakaniza liwiro, tonse timatsikira pa kochedwako. Ramu ya laputopu ndi yaifupi, ya mtundu wa SO-DIMM, ndipo DDR4 silowa pa malo a DDR5. Pa kompyuta ya patebulo yokhala ndi malo anayi, tindodo tiwiri sitiikidwa mogundizana. Kawirikawiri timapita pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa, koma onani buku la bolodi lanu, thabwa lalikulu limene purosesa ndi ramu zimalumikizidwapo. Chenjezo limodzi kwa amene simunagule: malaputopu ena opyapyala ramu yake inawotchereredwa pa bolodi ndipo siwonjezeka. Yotereyi ikakhala ya 8 GB yokha, isiyeni ngati mukufuna kudula mavidiyo.

Bwanji ngati ramu ili bwino koma vidiyo ikudumphabe? Bwererani pa GPU mu Task Manager ndipo muyang'ane bokosi la Video Decode. Likakhala pa 0 pamene CPU ili pafupi ndi 100 peresenti, ndiye kuti kagawo komasula vidiyo sikakugwira ntchito. Mwina pulogalamu yanu sinauzidwe kukagwiritsa ntchito. Fufuzani mawu ngati Hardware acceleration kapena Hardware decoding m'makonzedwe ake, ndipo muike dalaivala watsopano wa gilafikisi, kapulogalamu kamene Windows imayendetsera gilafikisiyo. Mwinanso purosesayo ndi yakale kuposa mtundu wa vidiyoyo. Zikatero, sinthani foni kuti izijambula H.264 ndipo muzimitse HDR. Pa iPhone H.264 ili pa Settings, Camera, Formats, n'kusankha Most Compatible, pamene HDR imazimitsidwa pa Settings, Camera, Record Video. Mavidiyo amene munajambula kale mungawasinthe ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake, ndipo posintha musankhe Constant Framerate, chifukwa mafoni amasinthasintha chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, zimene zimapangitsa mawu ndi milomo kusiyana podula.

Vidiyo ya 4K ndi katundu wina. Chithunzi cha 1920×1080 chili ndi timadontho topitirira pang'ono 2 miliyoni, pamene cha 3840×2160 chili ndi kuwirikiza kanayi. Dzifunseni kaye ngati 4K mukuifunadi, poti ambiri adzaonera vidiyo yanu pa foni. Ngati mukuifuna, gwiritsani ntchito zimene mapulogalamu monga Shotcut, Kdenlive ndi Premiere Pro amalemba kuti Proxy. Pulogalamu imapanga makope aang'ono, mwachitsanzo a 540p kapena 720p, inu n'kumadula pa makopewo mopepuka, ndipo potulutsa vidiyo yomaliza imabwerera ku mafayilo enieni. Mumataya nthawi yodikira makopewo ndi malo pang'ono pa disiki basi.

Nthawi ya khadi lapadera imafika ndithu, ndipo chizindikiro chake n'choonekeratu: ramu ili ndi malo, CPU sinadzaze, Video Decode ikugwira ntchito, koma bokosi la 3D lakakamira pamwamba nthawi iliyonse mukawonjezera zokometsera. Kuchotsa mbuu wa vidiyo yojambulidwa mu mdima, kukonza mitundu mozama, kusanjikiza mavidiyo angapo a 4K, kapena kuumba zithunzi za 3D mu pulogalamu ya Blender, zonsezi ndi ntchito za khadi. DaVinci Resolve imadalira gilafikisi kuposa mapulogalamu ena odulira, ndipo ikakuuzani kuti GPU memory yadzaza, palibe kuchitira mwina. Pamenepo funani khadi la ramu yake yosachepera 6 GB, ndipo 8 GB ndi yabwinoko.

Koma si khadi lililonse limene lili chitukuko. Makhadi akale otsika ngati GT 710 ndi GT 730 ndi ofooka kuposa Iris Xe kapena Radeon ya mu Ryzen 5 5600G, ndipo GT 1030 ilibe n'komwe NVENC, kagawo ka NVIDIA kopanikizira vidiyo. Nambala ya ma GB yolembedwa pa bokosi isakukopeni. GT 730 ya 4 GB ikadali GT 730. Onaninso magetsi. Malo olowetsa khadi pa bolodi amapereka mawati 75 okha. RTX 3060, khadi la NVIDIA, imadya mawati 170, imafuna chingwe chake chochokera ku bokosi la magetsi la m'kati mwa kompyuta, ndipo NVIDIA imalangiza bokosi la mawati 550. Makompyuta ang'onoang'ono a mu ofesi amakhala ndi bokosi la magetsi lochepa kwambiri kuposa pamenepa, lopanda chingwe chimenecho, ndipo khadi lalitali sililowamo. Mukakakamiza, kompyuta imazima yokha pakati pa kutulutsa vidiyo.

Amene mukumanga kompyuta ya patebulo yopanda khadi, werengani dzina la purosesa mpaka chilembo chomaliza. Za Intel zothera ndi F, monga Core i5-12400F, zilibe gilafikisi yam'kati, ndipo popanda khadi sikirini imangokhala yakuda. Kwa AMD, Ryzen 5 5600 ilibe pamene Ryzen 5 5600G ili nayo. Ndipo tsiku limene mudzaike khadi, chotsani chingwe cha monita pa bolodi n'kuchilowetsa pa khadilo, m'munsi mwa bokosi chakumbuyo. Kenako tsegulani Task Manager vidiyo ikusewera: ngati purosesa yanu ili ndi gilafikisi yake ndipo sinazimitsidwe, muona GPU 0 ndi GPU 1, ndipo imene ikukwera iyenera kukhala ya dzina la khadi lanu.