Ntchito za ulangizi wa ulimi: fufuzani ndi mayina amene mabwana amalemba

Achinyamata ambiri amene amaliza dipuloma ya zaulimi ku NRC kapena digiri ku Bunda amatsegula foni, n'kulemba "Agriculture" pamalo ofufuzira ntchito, n'kupeza ziwiri kapena zitatu zosagwirizana ndi maphunziro awo. Akatero amati ntchito kulibe. Nthawi zambiri vuto limakhala mawu amene alembawo. Makina ofufuzira sadziwa zimene munaphunzira. Amangofananiza zilembo zimene mwalemba ndi zimene olemba ntchito anaika pa chilengezo chawo, ndipo olemba ntchitowo satchula udindo ndi dzina la pa setifiketi yanu. Zili ngati kufunsa munthu m'mudzi ndi dzina lake la kusukulu pamene onse amamudziwa ndi la mfunda.

Taonani mmene ntchito imodzi yomweyi, yoyendera alimi ndi kuwaphunzitsa, imatchulidwira. M'boma mlangizi wa kumudzi ndi AEDO, kutanthauza Agricultural Extension Development Officer, ndipo woyang'anira dera lonse la ulangizi lotchedwa EPA ndi AEDC. Mabungwe omwe si a boma sagwiritsa ntchito mayinawa. Iwo amalemba "Field Officer", "Field Facilitator", "Livelihoods Officer" kapena "Project Officer", nthawi zina n'kuwonjezerapo dzina la pulojekiti. Makampani a fodya amene amalima ndi alimi pa kontirakiti amati "Leaf Technician" kapena "Field Technician". Ogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda amakonda "Agronomist" kapena "Sales Agronomist". Mwa mayina onse a kunja kwa bomawa, palibe limene lili ndi mawu oti "Agriculture" kapena "Extension". Amene akufufuza ndi mawu awiriwa okha akhoza kudutsidwa ndi zambiri mwa ntchitozi.

Mayina oyenera musawaganizire m'mutu, atoleni ku zilengezo zenizeni. Sonkhanitsani zilengezo 15 kapena 20 za ntchito zaulimi, ngakhale zimene nthawi yake inatha kale. Zakale zija ndi zabwinonso, chifukwa apa simukufunsira ntchito, mukuphunzira chilankhulo cha mabwana. Muzipeza m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times, pa LinkedIn, pa ReliefWeb ndi pa masamba a mabungwe eniakewo. Powerenga, mutu muudumphe kaye, muyambe ndi gawo lofotokoza zimene wolembedwayo azichita tsiku ndi tsiku. Ngati zambiri mwa izo mumazitha, monga kukhazikitsa minda yachitsanzo, kuphunzitsa alimi otsogola, kulembetsa makalabu ndi kulemba malipoti a pamwezi, koperani mutuwo m'kope mwanu ndendende mmene walembedwera. Pambali pake lembani mtundu wa olemba ntchito: boma, bungwe kapena kampani. Dzina likabweranso, ikani kachizindikiro. Pomaliza mudzaona kuti mayina anayi kapena asanu ndi amene akubwerezedwa, ndipo amenewo ndiwo oyambira.

Tiyerekeze mtsikana wa dipuloma amene wagwirapo zaka ziwiri ndi magulu a alimi a soya ndi mtedza ku Mchinji. Atawerenga zilengezo, wapeza kuti "Field Officer", "Extension Officer" ndi "Livelihoods Officer" ndi amene akuchuluka. Pa LinkedIn akhoza kuwafufuza onse nthawi imodzi motere:

```
"Field Officer" OR "Extension Officer" OR "Livelihoods Officer"
```

Zizindikiro zimene zatsekera dzina lililonse zikuuza makina kuti mawu awiriwo akhale pamodzi m'ndondomeko yomweyo. Popanda izo, mawu oti "Officer" paokha akhoza kukoka ntchito za maakawunti, za chitetezo ndi zina zotero. OR ayenera kulembedwa ndi zilembo zazikulu. Masamba ang'onoang'ono olengeza ntchito ambiri sazindikira kalembedwe kameneka, choncho mukaona kuti sizinabweretse kanthu, lembani dzina limodzi limodzi.

Tsopano mtsikanayu akumana ndi vuto lina. "Field Officer" si dzina la alangizi okha. Mabungwe obwereketsa ndalama amatchula choncho anthu otolera ngongole, ndipo a zaumoyo nawo ali ndi awo. Njira yodziwira ndi yosavuta: werengani zotsatira khumi zoyambirira. Ngati zoposa theka sizikukhudza ulimi, mawu anu atambalala kwambiri. Musalitaye dzinalo, ingoliphatikizani ndi mawu amodzi a m'munda amene munawaona kawirikawiri m'zilengezo zija:

```
"Field Officer" AND farmers
```

Mawu ophatikizawo akhale amene mabwana amalemba m'kati mwa chilengezo, monga "lead farmers", "value chain", "irrigation" kapena "VSLA" ngati munagwirapo ndi mabanki a m'mudzi. Wonjezerani amodzi okha pa nthawi. Ndaonapo anthu akuunjika dzina la udindo, la mbewu, la boma la kwawo ndi la maphunziro m'mzere umodzi, zotsatira n'kukhala zopanda kanthu, ndipo sadziwa kuti ndi mawu ati atseka njira. Zikatero, chotsani mawu amodzi amodzi kuyambira kumapeto. Kawirikawiri wolakwa amakhala dzina la boma, chifukwa chilengezo chimatha kulemba Lilongwe, kumene kuli likulu la bungwe, pamene ntchito ili ku Mchinji.

Kalembedwe nako kamasokoneza. Mabungwe ena amalemba "Programme", ena, makamaka ochokera ku America, amalemba "Program". Wina amati "Agriculture Officer", wina "Agricultural Officer". Chilengezo china chimalemba AEDO, china dzina lonse. Makina ena amaona zimenezi ngati chimodzi, ena ayi, ndiye yesani zonse ziwiri kamodzi, muone ngati zotsatira zasintha. Mawu oti "Extension" paokha ndisakulimbikitseni, chifukwa amakokanso zilengezo zongowonjezera tsiku lotsekera kulandira makalata.

Mawu omaliza a dzina la udindo amanena za msinkhu. Kawirikawiri "Assistant", "Facilitator" ndi "Technician" ndi za oyamba kumene kapena a dipuloma, "Officer" ili pakati, ndipo "Coordinator" ndi "Manager" zimafuna amene anayang'anirapo anthu ndi bajeti. Koma izi sizifanana paliponse. "Coordinator" wa bungwe laling'ono la m'boma limodzi akhoza kugwira ntchito yofanana ndi ya "Officer" wa bungwe lalikulu. Ine ndimalangiza kuti mufufuze pa msinkhu wanu ndi umodzi pamwamba pake, kenako muwerenge zaka ndi maphunziro amene akufuna musanadzichotse nokha.

Pali malire amene mawu abwino sangawadumphe. Mabungwe akamayamba pulojekiti yatsopano amakonda kulengeza maudindo ambiri pansi pa mutu umodzi wonga "Various Positions" kapena "Vacancies", mayina enieni ali m'kati mwa PDF kapena pa chithunzi. Zilengezo za boma nazo zimafika chomwecho, ngati tsamba la nyuzipepala lojambulidwa limene likuyenda pa WhatsApp. Malo ofufuzira a masamba ambiri sawerenga zolembedwa pa chithunzi. Choncho kamodzi pa sabata fufuzaninso mitu iwiriyo, mutsegule chilengezo chilichonse n'kuwerenga ndi maso.

Mukapeza mayina amene akubweretsa ntchito zoyenera, aikeninso pa CV yanu, chifukwa olemba ntchito nawo amafufuza anthu ndi mawu omwewo. Udindo umene munali nawo musausinthe, popeza akafunsa kumene munkagwira adzamva dzina lenileni. Ngati ankakutchulani "Field Facilitator", lembani chomwecho, ndipo pamzere wofotokoza ntchito yanu muikepo kuti munkachita ulangizi kwa alimi, ndi mawu omwe aja munawatola m'zilengezo. Kope lija muzilionanso pakapita miyezi itatu kapena inayi, chifukwa opereka thandizo akasintha chimene akutsindika, mayina a maudindo amasinthanso, monga mmene "Resilience" ndi "Climate Smart Agriculture" zinalowera m'mitu ya ntchito za alangizi.