Malangizo: kuyesa nthawi imene marauta amatenga kupeza njira ina chingwe chikaduka

Malangizowa ndi a amisiri ochokera ku Chipata amene akukalumikiza marauta atatu: ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Lilongwe, iliyonse yolumikizidwa kwa inzake iwiri. Musanasankhe pakati pa RIP ndi OSPF, maprotokolo amene marauta amapezera njira, yesani kudula chingwe cha Salima ndi Nkhotakota.

RIP ndi ya mtundu wa disitansi vekita. Rauta siona netiweki yonse, imangokhulupirira zimene yoyandikana nayo yanena, ndipo imasunga njira yaifupi yokha. Marauta amauzana njira masekondi 30 alionse. Mukazula chingwe pa rauta penipeni, ya ku Salima imazindikira pompo, nkulengeza kuti Nkhotakota ali pa mtunda wa 16, kutanthauza kuti safikika. Njira yodzera ku Lilongwe imaimva pa uthenga wotsatira, mwina pakatha masekondi 30.

Vuto lenileni limabwera faiba ikaduka pakati pa msewu, pomwe rauta yalumikizidwa kudzera pa switchi. Poti ya rautayo imaonekabe yamoyo, ndiye rauta imapitiriza kutumiza mapaketi kumene kulibe njira mpaka masekondi 180 atatha osamva mnzake. Pa marauta a Cisco njirayo imayamba yatsekeredwa, nkufufutidwa pa masekondi 240. Mphindi zinayi zimenezo, wa pa kauntala amakhala atauza kale anthu kuti netiweki yapita.

OSPF ndi ya linki siteti: rauta iliyonse imasunga mapu a zingwe zonse za m'dera lake. Pa Ethernet imapereka moni masekondi 10 alionse, ndipo pakatha masekondi 40 osamva moni imati mnzake wafa. Uthenga wa chingwe chodukacho umafalikira kwa onse, iliyonse nkuwerengera yokha njira ndi masamu a Dijkstra. Njira ya ku Lilongwe inali kale pa mapu, sidikira kuuzidwa. Choncho pafupifupi nthawi yonse imathera pa kuzindikira, osati pa kuwerengera.

Poyesa, yambitsani `ping` yosalekeza kuchokera ku Salima kupita ku Nkhotakota, zulani faiba kuseri kwa switchi, muwerenge masekondi mpaka mayankho abwerere. Onani izi:

```
show ip ospf neighbor
show ip route
```

`Dead Time` ikamatsika kupitirira 30 osabwerera m'mwamba, moni sakufika.

Ngati masekondi 40 akuchuluka, ikani BFD, protokolo yozindikira msanga kuduka kwa chingwe, pa poti ya chingwecho mbali zonse ziwiri:

```
bfd interval 300 min_rx 300 multiplier 3
ip ospf bfd
```

Apa kuduka kumadziwika m'mamilisekondi 900. Koma pa chingwe cha wailesi chenjerani: mvula yamphamvu ya kunyanja ikataya mapaketi atatu otsatizana, njira imangosinthasintha, ndiye kwezani `multiplier` kufika pa 5. Mukasankha kusintha `hello-interval` kapena `dead-interval` m'malo mwake, manambala afanane ku Salima ndi ku Nkhotakota, apo ayi marautawo sadzadziwana n'komwe.