Mazira a tomato ndi anyezi, ndiwo yachangu ya nsima

Kuno ku Salima mwera ukayamba kuwomba asodzi salowa panyanja, usipa umasowa ndipo ukapezeka mtengo wake umachita kuwawa, ndiye masiku oterowo ine ndimathawira ku mazira. Pa anthu atatu ndimatenga mazira 4, tomato mutatu wakupsa bwino, anyezi mmodzi, mafuta masupuni atatu ndi mchere basi.

Mazirawo samalani pogula. Kuno kumatentha, ndiye aja amakhala pa benchi tsiku lonse dzuwa likuwawomba sachedwa kuwonongeka, wogulitsa sangakuuzeni. Mukafika kunyumba aponyeni m'kapu ya madzi, labwino limamira, loyandama tayani. Mafuta oyezera m'timapepala aja muziyamba mwawanunkhiza, ena amasakaniza ndi otsala ku chipisi.

Yambani ndi nsima, phala likamawira inu mukudula tomato, chifukwa ndiwoyi pa moto ndi mphindi 10 zokha. Kazingani anyezi mpaka afewe, asapserere, kenako thirani tomato ndi mchere.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa ine tsiku lina kutabwera alamu anga. Ndinali pa changu, tomato atangoyamba kuwira ndinathira mazira, ndipo zomwe zinatuluka zinali timibulu toyera tikusambira m'madzi ofiira, fungo la dzira lili guu, ukasunsa mbamu ya nsima palibe chokanirira. Vuto linali madzi a tomato. Dzira likagwera m'madzi ambiri silikazingika, limangowira n'kumwazika. Ndiye mudikire tomato apse mpaka asanduke ngati phala lolimba, mukumukanya ndi supuni, osavundikira komanso osathira madzi ngakhale pang'ono. Mudziwa kuti wafika mafuta akayamba kuonekera m'mbali mwa felempani, komanso mukadutsitsa supuni pakati kanjira kake kamatsala osatsekeka msanga. Tomato wa nthawi ya dzinja amakhala ndi madzi ambiri, ameneyo amafuna kumulezera mtima, kapena mufinyiretu njere zake musanadule.

Zikatero phungulani moto, ngati ndi pa mbaula ingochotsaniko makala angapo. Mazira muswere m'kambale kaye, limodzilimodzi, kuti loipa lisakuwonongereni mphika wonse. Amenyeni pang'ono, thirani, muwasiye kanthawi kochepa agwirane pansi musanayambe kutakasa, ndipo potakasa muzitembenuza mofatsa kuti atuluke zibuma zazikulu. Phulani akadali onyowa pang'ono pamwamba, amamalizika okha ndi kutentha kwa felempani. Mukawachedwetsa pa moto amauma n'kuyambanso kutulutsa madzi.

Tsabola wa kambuzi aliyense adziikire m'mbale mwake. Ofuna msuzi apatuleko tomato pang'ono mazira asanalowe, amuwiritse payekha ndi timadzi. Omolani nsima, mazira akazizira sakoma.