Momwe mungatchulire chiyankhulo ndi veshoni pofunsa za khodi yokana kugwira ntchito

Munthu akangolemba kuti "khodi yanga ikukana, ndithandizeni" n'kuikapo mizere iwiri, wofuna kumuthandiza amayamba ndi kulota. Mzere womwewo ukhoza kukhala wolondola pa kompyuta ina, wolakwika pa inzake, popanda kusintha ngakhale chilembo chimodzi. Chomwe chasiyana ndi veshoni, ndipo wofunsa yekha ndiye angathe kuiona.

Taonani mzere uwu, womwe ophunzira ambiri amaupeza m'maphunziro akale a pandas, laibulale ya Python yosanjira matebulo:

```python
df = df.append(mzere, ignore_index=True)
```

Pa pandas 1.3 mzerewu umawonjezera mzere watsopano pa tebulo mosavuta. Pa 1.4 ndi 1.5 umagwirabe ntchito koma umatulutsa chenjezo la `FutureWarning`. Pa pandas 2.0, yomwe inatuluka mu Epulo 2023, `append` inachotsedweratu, moti pulogalamu imaima n'kulemba izi:

```
AttributeError: 'DataFrame' object has no attribute 'append'
```

Ndiye mnzanu amene ali ndi 1.3 akayesa khodi yanu adzakuuzani moona mtima kuti "kwa ine ikugwira bwinobwino", inu n'kuyamba kufufuza vuto pomwe palibe. Kuti zimenezi zisachitike, chitani motere.

Choyamba, tchulani chiyankhulo chomwe mwalembera khodiyo ndi dzina lake lenileni. Musayembekezere kuti anthu achizindikira poona khodi, chifukwa mizere yochepa ya C, C++ ndi C# imatha kufanana. Java ndi JavaScript ndi ziyankhulo ziwiri zosiyana, choncho musafupikitse. Pa SQL, kunena "SQL" pakokha sikokwanira: kutenga mizere 10 yoyamba mu MySQL kumafuna `LIMIT 10`, pomwe mu SQL Server ndi `TOP 10`.

Chachiwiri, funsani kompyuta, musadalire kukumbukira. Tsegulani teminolo ndi kulemba:

```
python --version
```

Pa Linux ndi macOS nthawi zambiri mumafunika `python3 --version`. Koperani nambala yonse yomwe yatuluka, mwachitsanzo `Python 3.12.3`. "Python 3" yokha ndi yotambalala kwambiri, popeza m'kati mwake muli kusiyana kwakukulu. Mwachitsanzo `match` inabwera mu 3.10 m'chaka cha 2021, ndipo pa 3.8 imangopereka `SyntaxError`. Mawu oti "ndili ndi yatsopano" nawonso musawagwiritse ntchito. Yatsopano kwa inu mwina ndi yomwe munaika chaka chatha, komanso funso lanu lidzawerengedwa ndi ena patapita zaka.

Chachitatu, tsimikizani kuti Python yomwe mwayeza ndi yomwe ikuyendetsa khodi yanu. Apa ndi pomwe ambiri amagwa, ngakhale anthu ozolowera. Kompyuta imodzi imatha kukhala ndi Python zingapo: ina inabwera ndi Ubuntu, ina munaiika nokha, ina inalowa ndi Anaconda. Teminolo ikhoza kukuuzani 3.12 pomwe Jupyter kapena VS Code ikugwiritsa ntchito 3.9, ndipo iliyonse ili ndi malaibulale akeake. Mukapereka nambala ya m'teminolo pamene vuto likuchitikira mu Jupyter, mwasocheretsa wokuthandizani kuposa mukanangokhala chete.

Njira yodalirika ndi kuifunsa pulogalamuyo kuchokera m'kati. Ikani mizere iyi pamwamba pa fayilo yomwe ikuvutayo, kapena m'selo ya notibuku ya Jupyter yomweyo, n'kuiyendetsa monga mumachitira nthawi zonse:

```python
import sys
import pandas as pd
print(sys.version)
print(sys.executable)
print(pd.__version__)
```

Mzere wa `sys.version` ukupatsani veshoni ya Python, `sys.executable` ukuonetsani foda yomwe Python imeneyo ikukhala, ndipo womalizawo ndi veshoni ya pandas. Ngati zomwe zatuluka apa zikusiyana ndi za m'teminolo, khulupirirani izi, ndipo kusiyanako mukutchule m'funso, chifukwa kawirikawiri ndiye gwero la vuto. Chizindikiro chake chodziwika ndi ichi: mwaika laibulale ndi `pip install`, zonse zayenda bwino, koma pulogalamu ikuti `ModuleNotFoundError`. Nthawi zambiri ndiye kuti `pip` inaika laibulaleyo mu Python ina. Olemba PHP nawo amakumana nazo: `php -v` pa laputopu imanena za laputopuyo, osati za seva yomwe webusaiti ikukhala, ndipo ya pa seva mumaiona ndi `phpinfo()`.

Chachinayi, tchulani laibulale yomwe yakhudzidwa, osati zonse. Uthenga wa vuto uja ukutchula `DataFrame`, lomwe ndi tebulo la pandas, choncho pandas ndiyofunika. Mndandanda wa malaibulale onse womwe `pip freeze` imatulutsa ungomiza funso lanu. Dikirani mpaka wina aupemphe. Koma musaganize kuti poti vuto lili mu pandas ndiye veshoni ya Python ilibe ntchito. Wina angakulangizeni kubwerera ku pandas 1.5.3, komwe `append` ikadalipo. Langizoli limayenda bwino pa Python 3.8 mpaka 3.11, koma 1.5.3 inatuluka Python 3.12 isanabwere, ndipo kuiika pa 3.12 kumavuta. Wokuthandizani akaona nambala zonse ziwiri sangakutumizeni njira imeneyo.

Chachisanu, ikani zonsezi pamwamba pa funso. Chiyankhulo ndi veshoni zilowe m'mutu kapena m'chiganizo choyamba, dongosolo la kompyuta litsatire, kenako khodi ndi uthenga wa vuto. Uthengawo muukopere ngati mawu, wonse, osaumasulira kapena kuufupikitsa. Chithunzi cha sikirini chojambulidwa ndi foni sichithandiza kwenikweni, chifukwa wina sangakopere khodi pa chithunzi kuti akaiyese. Funso lathu lija lingalembedwe chonchi:

"`df.append` ikukana pa pandas 2.2.2, Python 3.12.3. Ndili pa Ubuntu 24.04, ndikuyendetsa mu Jupyter. Ndikufuna kuwonjezera mzere umodzi pa tebulo, ndipo `mzere` ndi `dict`. Khodi yomweyi ikugwira pa kompyuta ya mnzanga yomwe ili ndi pandas 1.3.5. Khodi ndi uthenga wa vuto zili m'munsimu."

Chiganizo chonena za mnzanuyo ndi chamtengo wapatali. Mukadziwa pomwe khodi inagwirapo ntchito, perekani nambala za mbali zonse ziwiri, pakuti yankho limakhala pakati pake. Wodziwa pandas akangowerenga mutu wokha amadziwa kale chochita:

```python
df = pd.concat([df, pd.DataFrame([mzere])], ignore_index=True)
```

Nenaninso ngati muli omangika. Mwina seva ya kuntchito ili ndi Ubuntu 20.04, yomwe imabwera ndi Python 3.8, ndipo mulibe chilolezo chokweza veshoni. Lembani kuti "sindingathe kusintha veshoni", apo ayi yankho loyamba lidzakhala loti mukweze, lomwe kwa inu n'losatheka.

Nanga ngati palibe uthenga wa vuto, koma zotsatira zokha ndi zomwe zikudabwitsa? Pamenepo veshoni imafunika kwambiri, poti palibenso china chomwe wokuthandizani angagwire. `5 / 2` imapereka `2` pa Python 2, koma `2.5` pa Python 3, ndipo palibe yomwe imadandaula. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020, komabe mapulogalamu akale oyendera iyo akadalipo. Funso lotere lilembeni ndi zinthu zitatu pamodzi: veshoni yochokera ku `sys.version`, nambala yomwe mumayembekezera, ndi nambala yomwe yatuluka.