Kagwiritsidwe ntchito ka ovadilafuti: malangizo kwa eni akaunti

Ovadilafuti ndi chilolezo chimene banki imakupatsani chakuti mutape ndalama zoposa zimene zili mu akaunti yanu, mpaka pa malire amene mwagwirizana. Banki ikavomera malire a K5,000, siikika ndalamazo m'manja mwanu. Imangolola kuti akaunti itsike pansi pa ziro mpaka K5,000, ndipo nkhongole imayamba tsiku limene akauntiyo yatsikadi.

Chiwongoladzanja chimalembedwa m'pangano ngati maperesenti a pachaka, koma chimawerengedwa tsiku ndi tsiku pa ndalama zimene mwapitirira nazo pofika kumapeto kwa tsikulo. Mabanki ambiri amagawa ndi masiku 365. Tengani ndalama zimene mwapitirira nazo, muchulukitse ndi maperesenti a pachaka, kenako mugawe ndi 100, ndipo zotsatirazo mugawenso ndi 365.

Tiyerekeze kuti pangano lanu likunena maperesenti 36.5 pachaka. Nambala imeneyi tangoisankha kuti masamu aphweke, yanu muipeza m'kalata ya pangano. Pa mlingo umenewu, K1,000 iliyonse imabala K1 patsiku. Pa 20 mwezi muli ndi K300 mu akaunti, ndipo mwalipira K2,300. Akaunti yatsika ndi K2,000, choncho tsiku lililonse likukudyerani K2. Masiku asanu, kuyambira pa 20 mpaka pa 24, akwana K10. Pa 25 mwatapanso K1,000, nkhongole yafika K3,000, ndipo masiku asanu otsatira akudya K15. Pa 30 malipiro anu a K6,000 alowa. Banki siyembekeza kuti muiuze, imayamba yadzibwezera K3,000 yake, kenako imadula K25 ya chiwongoladzanja tsiku lodula likafika, kawirikawiri kamodzi pamwezi. Zanu zotsala ndi K2,975.

Musanasaine, funsani za ndalama zina zolipira. Mabanki ena amadula ndalama yotsegulira ovadilafuti kapena yoiwonjezera nthawi, ndipo imeneyi ikhoza kuwerengedwa pa malire onse a K5,000 ngakhale simunatapeko. Kwa munthu wongogwiritsa ntchito masiku khumi, ndalama yotereyi ikhoza kuposa chiwongoladzanja chenichenicho.

Loni ya nthawi yochepa imayenda mosiyana. Mukatenga loni ya K3,000 ya masiku 30, ndalama zonse zimalowa mu akaunti tsiku limodzi, ndipo chiwongoladzanja chimayamba pomwepo pa K3,000 yonse, kaya mwaigwiritsa ntchito kaya ingokhala. Pa mlingo womwe uja, mudzalipira K90. Obwereketsa ena amaika mtengo umodzi wokhazikika, moti kubweza msanga sikuchepetsa kanthu. Apa ovadilafuti yapambana, K25 poyerekeza ndi K90, chifukwa munafuna ndalamazo masiku khumi okha ndipo munatapa pang'onopang'ono.

Koma loni ili ndi tsiku lothera, ndipo mumalidziwa musanasaine. Ovadilafuti ilibe ndondomeko yobwezera imene ingakukankheni, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Malipiro a K6,000 aja atalowa, munatsala ndi zosakwana theka. Ngati zofunika za mwezi sizinachepe, mudzatsikanso pansi pa ziro, tsopano pa 15 m'malo mwa pa 20. Munthu amene akhala ndi nkhongole ya K3,000 chaka chonse pa mlingo uja amalipira K1,095, ndi zina pamwamba, pakuti chiwongoladzanja chikadulidwa pa akaunti yomwe ili kale pansi pa ziro chimasanduka nkhongole, nachonso n'kuyamba kubala. Onani sitetimenti ya miyezi itatu yapitayi. Ngati masiku okhala pansi pa ziro akuchuluka mwezi ndi mwezi, kapena malipiro akalowa akaunti siikweranso pamwamba pa ziro, pemphani banki isandutse nkhongoleyo kukhala loni yobweza pang'onopang'ono.

Samalaninso ndi zimene makina otapira ndalama ndi foni zimakuonetsani. Pa mabanki ena, mzere wolembedwa Available balance umaphatikiza ndalama zanu ndi malire a ovadilafuti. Muli ndi K300 koma ukuonetsa K5,300, ndipo zanu zikadali K300 yomweyo.

Musapyole malire. Mukapyola, banki ikhoza kukana malipiro amene munalamula n'kukudulani chindapusa, kapena kuwalipira n'kuika chiwongoladzanja chokwera pa ndalama zopyolazo. Chiwongoladzanja cha pamwezi chokha chingakupyoletseni ngati mwatapa mpaka pa K5,000 penipeni, choncho siyani mpata. Dziwaninso kuti m'mapangano ambiri banki ili ndi ufulu wochepetsa malire kapena kuitanitsa nkhongole yonse. Pezani ndime imeneyo m'pangano lanu, muone masiku amene banki idzakuchenjezereni isanachite zimenezo.